Kulemba sikiriputi ya vidiyo yophunzitsa bajeti pa sipuredishiti

Vidiyo yophunzitsa kupanga bajeti pa sipuredishiti imaonedwa ndi munthu amene manja ake ali pa ntchito. Amaonera masekondi ochepa, n'kuimitsa, n'kupita pa kompyuta yake kukachita zimene waona, kenako n'kubwereranso. Akasokonezeka pa kabokosi kamodzi kokha, manambala onse otsatira amasiyana ndi a mphunzitsi, ndipo nthawi zambiri sadziwa pamene wasocherera. N'chifukwa chake vidiyo yotere imayamba ndi sikiriputi, zolemba zimene zimakonzeratu mawu oti alankhulidwe pamodzi ndi chilichonse choti chioneke pa sikirini pa nthawi imene mawuwo akumveka. Luso lonse lagona pa kulumikiza ziwirizi, chiganizo ndi chochitika, kuti khutu ndi diso la woonera zikhale pa malo amodzi.

Bajeti imamalizidwa sikiriputi isanayambe

Wolemba amayamba wapanga bajeti yonse mpaka kumapeto, payekha, asanalembe liwu ngakhale limodzi loti adzalankhule. Akamapanga, amalemba pa pepala chilichonse chimene dzanja lake lachita: kabokosi kamene wadina, zimene walembamo, batani limene wasindikiza. Munthu wozolowera Excel kapena Google Sheets amachita zinthu zambiri osazindikira, monga kukulitsa danga lopapatiza kapena kudina Enter, ndipo zimenezi ndi zomwe zimasowa mu vidiyo n'kumusiya wophunzira ali kakasi.

Chitsanzo chimene nkhani ino itsatire ndi bajeti ya banja limene limalandira K450,000 pa mwezi. Manambalawa ndi ongopeka, ndipo n'chimene chimafunika: vidiyo ikatuluka imayenda m'mafoni ambiri, choncho malipiro enieni a munthu, dzina la lendilodi kapena nambala ya akaunti siziyenera kuonekamo. Komabe manambala opekawo azikhala oti woonera awazindikire ngati a moyo wake, ndiponso osavuta kuwerengera ndi mutu.

Mu kabokosi A1 mwalembedwa "Ndalama zolowa", ndipo B1 muli 450000. Mzere 3 uli ndi mitu inayi: Chinthu, Zokonzekera, Zogwiritsa ndi Kusiyana. Kuyambira mzere 4 mpaka 11 muli zinthu zisanu ndi zitatu, zomwe ndi lendi, chakudya, magetsi, madzi, mayendedwe, sukulu, mayunitsi ndi zosunga. Banjali lakonza kuti lendi itenge 120,000, chakudya 150,000, magetsi 25,000, madzi 15,000, mayendedwe 45,000, sukulu 40,000, mayunitsi 15,000, ndipo 30,000 isungidwe. Zonse pamodzi ndi 440,000, kutanthauza kuti 10,000 ikutsala. Mwezi utatha, zapezeka kuti chakudya chadya 168,000, madzi 13,500, mayendedwe 52,000, mayunitsi 18,000, ndipo zosungidwa ndi 20,000 yokha, pamene zinazo zayenda monga zinakonzedwera. Zogwiritsidwa zonse zafika 456,500, ndiye kuti banja ladutsa malipiro ake ndi 6,500.

Wolemba amasunga mafayilo awiri. Ina ndi yomalizidwa, yoti aonetse kumayambiriro kwa vidiyo ndi kuyerekezera nayo manambala. Ina ndi yopanda kanthu, yoyambirapo kujambula.

Kusankha malire a phunziro

Bajeti ya pa sipuredishiti ikhoza kukhala ndi machati, mitundu yosintha yokha ndalama zikapereŵera, mapeji a miyezi 12 ndi zina zambiri. Vidiyo imodzi siinyamula zonsezi. Mu 2014, Philip Guo, Juho Kim ndi Rob Rubin anafufuza mmene ophunzira amaonera mavidiyo a maphunziro pa edX, pogwiritsa ntchito maulendo oonera okwana 6.9 miliyoni. Anapeza kuti ngakhale vidiyo italike bwanji, nthawi imene ophunzira ambiri amakhala akuonera siipitirira mphindi 6, komanso kuti mavidiyo osonyeza kachitidwe ka zinthu anthu amawabwereza kawirikawiri kuposa ongofotokoza phunziro. Kuno kwathu pali chifukwa china choonjezera: woonera akulipira bando, ndipo mphindi iliyonse yopanda phindu ikumudyera ndalama.

Choncho pamwamba pa sikiriputi pamalembedwa chiganizo chimodzi chonena zimene woonera adzatha kuchita vidiyo ikatha. Pa chitsanzo chathu chingakhale chakuti adzatha kulemba zokonzekera ndi zogwiritsa za mwezi umodzi, kuziphatikiza, ndi kuona ndalama zotsala. Chilichonse chosathandiza chiganizo chimenechi chimadikira vidiyo yachiwiri. Pomwepo pamalembedwanso pulogalamu imene ikugwiritsidwa ntchito, ndipo iyenera kutchulidwa m'masekondi oyamba, chifukwa mabatani a Excel, Google Sheets ndi LibreOffice Calc sali pa malo ofanana, ndipo a pa foni ndi osiyananso kwambiri ndi a pa kompyuta. Ngati vidiyo ikayang'aniridwenso ndi anthu a ku Tete amene Excel yawo ili m'Chipwitikizi, ndi bwino kunena kamodzi kuti kumeneko `SUM` imalembedwa `SOMA`.

Maonekedwe a pepala

Sikiriputi yamtunduwu imagawidwa m'madanga awiri. Kumanzere kumalembedwa zooneka pa sikirini, kumanja mawu olankhulidwa, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi nambala yake ndi chochita chimodzi chokha. Ambiri amaonjezera kadanga kachitatu ka masekondi. Ubwino wa kagawidwe kameneka ndi woti cholakwika chimaonekera pa pepala pomwepo. Kumanja kukakhala ziganizo zisanu pamene kumanzere kuli kopanda kanthu, ndiye kuti woonera adzakhala akuyang'ana sikirini yosasuntha kwa nthawi yaitali. Kumanzere kukakhala zochita zitatu pamene kumanja kuli chiganizo chimodzi, ndiye kuti dzanja lidzathamanga kusiya pakamwa m'mbuyo.

Danga la kumanzere limafuna kulembedwa mosasiya chokayikitsa. Kulemba kuti "onetsani kuphatikiza" sikuthandiza wojambula. Chofunika ndi kulemba kuti kamuvi kapite pa B12, kadine kamodzi, fomyula ilembedwe chilembo ndi chilembo, padinidwe Enter, ndipo sikirini iime masekondi atatu nambala 440000 ikuoneka. Mayina a mabatani amalembedwa monga aliri pa sikirini, ngakhale mawu onse a vidiyo ali m'Chichewa. Woonera akauzidwa kuti adine "mawonekedwe" amasakasaka liwu limene palibe, pamene akauzidwa kuti adine Format amalipeza nthawi yomweyo. Chichewa chimagwira ntchito yofotokoza chimene batanilo limachita.

Mawu atsogole, dzanja litsatire

Chochita chilichonse chimayenda m'njira imodzi yosasintha. Mawu amatchula malo, kamuvi kamapita pamalopo, chinthucho chimachitika, kenako sikirini imaima kuti zotsatira zioneke. Zili ngati kulondolera mlendo njira: mtengo wa mango wa pa mphambano umatchulidwa iye asanafikepo, chifukwa akaudutsa kale sizimuthandizanso. Mphunzitsi amene amadina kaye kenako n'kunena kuti "ndadina apa" amakhala atamutaya woonera, popeza diso la woonerayo linali kwina pamene kudinako kumachitika.

Mawu akuti "apa", "apo" ndi "ichi" ndi amene amafunika kusakidwa ndi kuchotsedwa mu sikiriputi. Pa foni kamuvi kamaoneka kakang'ono kwambiri, ndipo munthu amene akumvetsera maso ali pa kiyibodi yake saona kumene "apa" akulozera. M'malo mwake pamatchulidwa dzina la kabokosi ndi chizindikiro china chothandiza kukapeza, monga "B12, m'munsi mwenimweni mwa danga la Zokonzekera".

Gawo la kuphatikiza pa bajeti yathu lingalembedwe motere. Pa mzere 14 wa sikiriputi, kumanzere kwalembedwa kuti kamuvi kaima pa B12, ndipo kabokosiko kazunguliridwa ndi mzera wofiira. Kumanja kuli mawu akuti: "Tsopano tiphatikiza zonse zimene takonzekera. Dinani B12, pansi pa nambala yomaliza." Pa mzere 15, kumanzere kukusonyeza kuti fomyula ikulembedwa pang'onopang'ono, ndipo yaikidwanso m'zilembo zikuluzikulu m'munsi mwa sikirini.

```
=SUM(B4:B11)
```

Mawu ake ndi akuti: "Yambani ndi chizindikiro cha ikwo, chifukwa n'chimene chimauza pulogalamu kuti iwerengere. Lembani monga mukuonera pa sikirini. Madontho awiri a pakatiwo akutanthauza kuti kuyambira B4 mpaka B11." Pa mzere 16, padinidwa Enter, sikirini yaima, ndipo mawu ndi akuti: "Mukuyenera kuona 440,000. Ngati mwapeza nambala ina, imitsani vidiyo muonenso manambala anu asanu ndi atatu aja."

Chiganizo chomalizachi n'chofunika kuposa zina zonse m'gawoli. Chimapatsa woonera nambala yoti adziyese nayo, ndipo sikiriputi yabwino imakhala ndi malo oterowo kumapeto kwa gawo lililonse. Pa bajeti yathu malowa ndi anayi: 440,000 pa B12, 456,500 pa C12, -16,500 pa D12, ndi -6,500 pa C13. Munthu amene walakwitsa amazindikira pasanathe mphindi imodzi, ndipo amadziwa kuti cholakwikacho chili pakati pa nambala imene inagwirizana ndi imene yakana.

Zimene kamera siiona

Pulogalamu yojambula sikirini, monga OBS Studio yomwe ndi yaulere, imajambula zimene zili pa galasi basi. Zala za mphunzitsi pa kiyibodi sizioneka. Iye akadina Ctrl+1 mu Excel, bokosi la Format Cells limangotulukira, ndipo woonera sadziwa kumene lachokera. Sikiriputi imayenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: kudutsa njira yaitali ya mausi imene ikuoneka, kapena kulemba kumanzere kuti dzina la mabataniwo liwoneke pa sikirini kwa masekondi angapo, uku mawu akulitchula. Kwa oyamba kumene njira ya mausi ndi yabwino, ndipo yachidule ingatchulidwe pambuyo pake kamodzi.

Kukoka fomyula ndi chochita china chimene chimasowa mosavuta. Pa D4 pamalembedwa `=B4-C4`, ndipo fomyulayi imafunika kutsika mpaka D12. Imakokedwa pogwira kadontho ka pa ngodya ya m'munsi, kudzanja lamanja la kabokosi kosankhidwa, pamene mu Excel kamuvi kamasanduka kamtanda kakuda kopyapyala. Kadonthoko n'kakang'ono moti pa foni sikaoneka n'komwe. Apa danga la kumanzere liyenera kunena kuti chithunzi chiyandikitsidwe pa ngodyayo, kamuvi kaime mpaka kasinthe maonekedwe, ndiyeno kukoka kuyambe. Mawu nawo afotokoze chimene woonera adikire: "Musakoke kaye. Dikirani kamuvi kasanduke kamtanda kakuda."

Kukula kwa zilembo kumakonzedwanso mu sikiriputi momwemo, pa mndandanda wa zoyenera kuchita musanajambule. Sipuredishiti imene ikuwerengeka bwino pa laputopu ili pa 100% imakhala tinyerere pa foni, makamaka vidiyo ikadutsa pa WhatsApp imene imachepetsa kuwala ndi kuthwa kwa chithunzi kuti fayilo ipepuke. Kuikweza pa 150% kapena 200% kumathandiza, ndipo bajeti yathu ya madanga anayi ndi mizere 13 imakwanabe pa sikirini imodzi. Ichi ndi chifukwa china chosankhira zinthu zisanu ndi zitatu zokha: palibe kutsitsa kapena kukweza peji, choncho mitu ya madanga imaoneka nthawi zonse. Pa mndandanda womwewo pamalembedwa kuti mauthenga otulukira pa sikirini atsekedwe, ndi kuti mayina a mafayilo ena a mwini kompyuta asaoneke.

Kuika cholakwika mwadala

Pali zolakwika ziwiri zimene munthu woyamba kupanga bajeti amagweramo kawirikawiri, ndipo ndi bwino kuti azione mu vidiyo zisanamuchitikire ali yekha. Zimalembedwa mu sikiriputi ngati zochita zina zonse, zili ndi mizere yake ndi masekondi ake.

Choyamba ndi kulemba ndalama monga zimalembedwera m'kope, chilembo cha kwacha chili kutsogolo. Munthu akalemba K120,000 pa B4, makompyuta ambiri amatenga zimenezi ngati mawu. Chizindikiro chake n'chakuti zolembazo zimatsamira kumanzere kwa kabokosi, pamene manambala enieni amatsamira kumanja. Choopsa n'choti `SUM` siidandaula. Imangodumpha kabokosiko, n'kupereka 320,000 m'malo mwa 440,000, ndipo banja lingaganize kuti lili ndi ndalama zambiri zotsala pamene lendi sinawerengedwe. Pa D4 ndi pamene vuto limadziulula, chifukwa mu Excel pamatuluka `#VALUE!`. Mu sikiriputi, cholakwikachi chimachitika, sikirini imaima pa 320,000, chithunzi chimayandikira pa B4 kusonyeza kutsamira kumanzere, kenako nambala imalembedwanso yopanda chilembo. Pambuyo pake mphunzitsi amasonyeza njira yoyenera yoonetsera kwacha, polowa mu Format Cells, kusankha Custom, ndi kulemba izi:

```
"K"#,##0
```

Apa kabokosi kamaonetsa K120,000 koma mkati mwake mukadali nambala. Danga likapapatiza chifukwa cha zilembo zoonjezerekazi, Excel imaonetsa `#####`, ndipo chiganizo chimodzi chikukwanira kunena kuti palibe chatayika, danga lingokulitsidwa.

Chachiwiri chimachitika pa mzere 13, wa Zotsala. Pa B13 munthu amalemba `=B1-B12` n'kupeza 10,000, zomwe n'zoona. Akakokera fomyulayi kumanja, pa C13 imasanduka `=C1-C12`, ndipo popeza C1 mulibe kanthu, yankho limakhala -456,500. Nambala yoopsa choncho imachititsa woonera kutchera khutu, ndiye ndi nthawi yabwino yofotokoza kuti fomyula ikakokedwa maina a timabokosi amasuntha nayo. Mankhwala ake ndi kumanga B1 ndi zizindikiro za dola.

```
=$B$1-B12
```

Ikakokedwanso, C13 imapereka -6,500. Sikiriputi iyenera kunena momveka kuti zizindikirozi sizikukhudzana ndi ndalama ya ku Amereka, chifukwa mu vidiyo ya bajeti maganizo a woonera amathamangira kumeneko. Ngati batani la F4 likutchulidwa ngati njira yachidule yoikira zizindikirozi, patchulidwenso kuti pa malaputopu ambiri limafuna kudinidwa pamodzi ndi Fn.

Zolakwika ziwirizi zikukwanira. Zikachuluka, woonera amayamba kusokoneza njira yoyenera ndi yolakwika, makamaka amene akudumphadumpha mu vidiyo. Pa chifukwa chomwecho, cholakwika chisanachitike mawu amachenjezeratu kuti: "Apa musatsatire, ingoonerani."

Kuwerenga bajeti yomalizidwa

Mafomyula akatha, pamatsala masekondi ochepa oti sikiriputi ifotokoze zimene manambala akunena, popeza n'chimene woonera anabwerera. Kamuvi kamatsika m'danga la Kusiyana n'kuima pa malo atatu okha. Pa chakudya pali -18,000 ndipo pa mayendedwe pali -7,000, kusonyeza kumene ndalama zapitirira. Malo achitatu ndi D11, pa zosunga, pamene pali 10,000 yopanda chizindikiro chochotsera. Pa mizere ina yonse nambala yotere ndi nkhani yabwino, koma pa mzerewu ikutanthauza kuti banja lasunga zochepa kuposa zimene linakonza. Wolemba amene anamaliza bajeti asanalembe mawu amaona msampha umenewu ndi kuukonzera chiganizo, pamene wolankhula za m'mutu amaudutsa.

Kuyesa nthawi ndi kuyesa pa munthu

Kutalika kwa vidiyo sikudziwika powerenga mawu a pa pepala ndi maso. Wolemba amawerenga mokweza, pa liwiro lophunzitsira, wotchi ili pambali, n'kuona kuti pa mphindi imodzi amatha mawu angati. Ziwerengero zimene zimaperekedwa m'mabuku a Chingerezi sizigwira bwino pa Chichewa, chifukwa liwu limodzi ngati "musanazikokere" limanyamula zimene m'Chingerezi zingakhale mawu angapo, ndipo limatenga nthawi yaitali kulitchula. Tiyerekeze kuti munthu wapeza mawu 100 pa mphindi. Ngati vidiyo ndi ya mphindi 6, ndipo mphindi 2 mwa izo ndi za kulemba ndi kuima chete, ndiye kuti danga la kumanja lisapitirire mawu 400. Kulemba zinthu zonse zisanu ndi zitatu ndi manambala ake kungadye nthawi yambiri pachabe, choncho sikiriputi imasonyeza mizere iwiri yoyamba pa liwiro lenileni, yotsalayo imathamangitsidwa, kenako sikirini imaima pa tebulo lodzaza ndi mawu ouza woonera kuti aimitse vidiyo akopere.

Manambala amalembedwa mu sikiriputi monga adzatchulidwire. Anthu ambiri amatchula ndalama zikuluzikulu m'Chingerezi ngakhale akulankhula Chichewa, ndipo palibe vuto kutero, bola njira imodzi itsatidwe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zilembo B ndi D zimamveka mofanana pa sipika ya foni, ndiye pamene B12 kapena D12 ikutchulidwa, mutu wa danga utchulidwenso.

Kuyesa komaliza kumafuna munthu wina amene sadziwa bwino sipuredishiti. Iye amakhala pa kompyuta ndi fayilo yopanda kanthu ija, ndipo wolemba amamuwerengera danga la kumanja lokha, osaloza ndi chala, osaonjezera liwu. Paliponse pamene munthuyo waima, wafunsa kapena wadina polakwika, pamaikidwa chizindikiro pa pepala, chifukwa pamenepo pali chochita chimene chadumphidwa kapena chiganizo chimene chikudalira kwambiri chithunzi. Akafika pa C13 n'kupeza -6,500, sikiriputi yakonzeka.

Pojambula, ambiri amayamba ndi mawu okha m'chipinda chopanda phokoso, kenako amajambula sikirini akumvetsera mawuwo, kuti dzanja litsatire liwiro la pakamwa. Ena amachita zonse nthawi imodzi. Njira iliyonse imapepuka ngati gawo lililonse lijambulidwa palokha, ndipo fayilo ya bajeti isungidwa pa mapeto a gawo lililonse ndi dzina lake, kuti cholakwika cha pa gawo lachinayi chisafune kuyambiranso pa A1. Manambala a mizere ya sikiriputi amathandiza polumikiza zidutswazo. Mitu ya magawo nayo imagwiranso ntchito ngati vidiyo ikaikidwa pa YouTube: ikalembedwa m'malo ofotokozera vidiyo pamodzi ndi nthawi yake, yoyamba ili pa 00:00, yonse ili itatu kapena kuposerapo ndipo gawo lililonse losachepera masekondi 10, imasanduka zigawo zoti woonera adumphirepo. Danga la kumanja likakoperedwa palokha limakhala poyambira mawu olembedwa m'munsi mwa vidiyo, othandiza anthu osamva ndiponso amene akuonera foni ili chete m'minibasi.